Mawu olandirira foni: ofesi yothandiza makasitomala a sola, Mzuzu

A Tiwonge, awa ndi mawu anu a pa desiki ya m'mawa mwezi uno wa Julaye. Okhala m'mitengero ndiwo onena pa foni.

Foni ikalira, isapitirire katatu. Yankhani:

"Mwadzuka bwanji? Kuno ndi ku ofesi ya sola ku Mzuzu, ine ndine Tiwonge."

Mukatero khalani kaye chete. Mwapereka moni, ndiye munthu ayankhe. Ambiri amabweza kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu?" ndipo funso limenelo silidumphidwa:

"Ifenso tadzuka bwino, zikomo, kungoti kukuzizira. Kaya ndikuyankhula ndi ndani?"

Nthawi ikadutsa 12 koloko, moni ndi "Mwaswera bwanji?" Akatchula dzina, ligwireni momwe alitchulira. Wanena kuti Gondwe ndi Bambo Gondwe. Mayi akati ndi NyaGondwe, muziwatchula a NyaGondwe mpaka foni ithe.

"Zikomo Bambo Gondwe, takulandirani. Mukuimba kuchokera kuti?"

Akati ku Chibavi, ku Luwinga, ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay, bwerezani malowo kuti adziwe kuti mwamva:

"Ku Ekwendeni, chabwino. Tatiuzani bambo, chavuta n'chiyani?"

Asimbe mpaka amalize. Nambala ya akaunti ifunsidwe pambuyo pake, chifukwa munthu amene wagona mumdima amafuna ayambe wanena za mdimawo.

Kuno ambiri amayamba ndi Chitumbuka, ndipo a kunyanja Chitonga. Moni wawo ubwezeni m'chiyankhulo chawocho ngati mukutha, kenako funsani:

"Tipitirize m'Chichewa, kapena ndikupatseni mnzanga muyankhule naye Chitumbuka? Zonse n'zotheka, musavutike."

Foni zambiri za mwezi uno ndi za magetsi ozima msanga. Mitambo ndi mvula yowaza zikakhala tsiku lonse, batire silidzaza. Mukamva dandaulo limeneli:

"Pepani kwambiri bambo, ndiye kuti dzulo ana awerenga movutika. Tiyeni tione limodzi. Magetsiwo akuzima nthawi yanji? Nanga panelo ili padenga kapena mumaitulutsa m'mawa? Palibe mtengo umene ukuitchinga?"

Kenako:

"Tandiwerengereni nambala ya akaunti, ili pa kapepala komatidwa m'mbali mwa bokosi la batire. Pang'onopang'ono, ndikulemba."

Mukaibwereza, muziitchula manambala atatuatatu, kuti nayenso atsatire ndi chala.

Wina amaimba atalipira koma tokeni yotsegulira magetsi sinafike. Ameneyu amakhala ndi nkhawa kuti ndalama yake yalowa m'madzi, choncho muyambe mwamukhazika mtima pansi:

"Musadandaule mayi, tiilondola ndalamayo pompano. Munatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba? Mu uthenga umene unabwera mutalipira muli nambala yaitali, tandiwerengereni imeneyo. Nambala yanu yachinsinsi yokha musandiuze, ndipo musamauze wina aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera kuno."

Mawu a nambala yachinsinsiwa asamasiyidwe. Akuba a pa foni amadzitcha ogwira ntchito m'maofesi ngati yathu ino, ndipo kasitomala akamva chenjezo kwa ife amadzalikumbukira. Wofuna kulipira pomwepo muuzeni kuti pa Airtel Money ayimbe *211#, pa Mpamba *444#.

Mukafuna kuyang'ana pa kompyuta, musamusiye munthu ali duu osadziwa chimene chikuchitika:

"Ndipatseni kamphindi ndione pa kompyuta. Musadule, ndili pompano."

Pobwerera:

"Zikomo podikira, mayi. Ndalama yanu ndaiona, inafika dzulo madzulo. Tokeni ndikutumizirani tsopano, muione pa foni panupo tisanasiyane."

Amene wabwera atakwiya musamuuze kuti aleze mtima, chifukwa mawu amenewo amangokolezera moto. Amalize kaye, kenako tsitsani mawu:

"Ndakumvani bambo. Kuimba kachitatu pa nkhani imodzi n'kotopetsa, pepani. Lero nkhaniyi ili m'manja mwanga. Ndiyankhula ndi mmisiri wa dera lanu, ndipo ndikuimbirani ndekha isanakwane 3 koloko."

Nthawi imene mwalonjeza muilembe m'buku, ndipo muimbedi, ngakhale yankho likhale loti mmisiri afika mawa.

Netiweki ikamadukaduka, monga zimachitikira m'midzi ina ya m'mapiri:

"Mawu akuduka, bambo. Foni ikaduka musawononge mayunitsi anu, ndikuimbirani ine pa nambala yomweyi."

Potsanzika, bwerezani zimene mwagwirizana:

"Ndiye tatere, Bambo Gondwe: panelo muipukute ndi kansalu konyowa, muichotse pamthunzi wa mtengo wa mapeyala uja, ndipo mmisiri afika Lachinayi m'mawa. Pali china chimene tasiya? Chabwino. Zikomo kwambiri potiimbira, muswere bwino, mupereke moni kunyumbako."

Kasitomala ndiye ayambe kudula foni.