Pepa Tadala, mwana wanga

Wokondedwa Tadala,

Ndadzuka m'bandakucha kupita ku Lizulu kukapikula tomato, iwe uli m'tulo. Kalatayi ndayiika m'kope lako la masamu kuti uipeze usanapite kusukulu.

Dzulo ndinakulakwira. Utafika kuchokera kuchigayo ufa uli theka, ndinakukalipira pamaso pa anzako, mpaka kukunena kuti ndiwe mwana wopanda nzeru, wongodziwa kudya. Mawu amenewo ndi abodza, ndipo sanayenere kutuluka pakamwa pa mayi ako. Pepa, mwana wanga.

Sindinakufunse n'komwe chimene chachitika. Maso anga anali m'dengumo basi. Usiku pokufunditsa ndi pamene ndinaona bondo lako, magazi ataumirapo. Amake Yankho ndiwo anandiuza kuti wakabaza anakuwomba pamlatho paja, iye osaima, ndipo iwe unagwada mumsewu n'kumawola ufa ndi manja, kusankha wopanda mchenga. Kenaka unasenzanso dengulo, ukutsimphina, kudzafika nalo pakhomo. Ine m'malo mokulandira, ndinakulandira ndi mkuwo. Tulo sindinatione.

Ndikuuze zoona, popeza wakula tsopano. Tomato wanga anawola sabata ino, ndipo Lachisanu ndiyenera kubweza ngongole kubanki mkhonde. Mtima unali utadzaza kale iwe usanalowe pageti. Koma ngongoleyo ndinatenga ndine, si iwe, ndipo sizindipatsa chifukwa chokunyozera.

Agogo ako akandikalipira molakwa sankanena kuti pepa. Ankangondiikira nthuli yaikulu m'mbale madzulo, ine n'kudziwa kuti nkhani yatha. Nthuliyo ndinkadya ndithu, sindiname, koma ndinkagona ndikudzifunsa ngati zimene anena zija zinali zoona. Iwe usagone ndi funso limenelo. Ndiwe mwana wanzeru, wolimbikira, ndipo ndimakunyadira. Ndani amasambitsa Chisomo ine ndikachedwa kumsika?

Sindikulonjeza kuti sindidzakwiyanso. Ukasiya mbale zosatsuka n'kupita kumpira, ndidzakudzudzula monga mwa masiku onse. Koma kukutcha maina oipa ayi. Ukaona kuti ndayamba kukweza mawu ndisanamve mbali yako, unene kuti, “Amayi, tandimverani kaye.” Sindidzakuyesa wamwano. Anzako aja akabwera kudzasewera, ndinenanso pamaso pawo kuti wolakwa ndinali ine, poti ndinakuchititsa manyazi iwo akuona.

Za ufa usadandaule, wotsalawo utifikitsa Loweruka, ndipo kuchigayo tidzapitira limodzi. Ngati mtima ukadali kuwawa, usadzikakamize kundisekerera madzulo ano. Ndidikira.

Phala lili m'poto, ndavindikira. Bondolo ulitsuke ndi sopo ndi madzi ofunda, ndipo lero usasewere mpira. Likatupa, tipita kuchipatala mawa. Ndibwera dzuwa lisanalowe, ndikutengera mapichesi ngati ndiwapeze.

Ndine mayi ako okukonda,
Amake Tadala