Mpunga wa Kilombero wafika: odani pofika Lachitatu pa 1 Julaye

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu wa mpunga uja, umene munaika pa gulu la WhatsApp la amayi a kumpingo, ndauwerenga. Mwaulongosola bwino mpungawo, moti munthu akumva fungo lake akuwerenga. Koma ukathera pa mawu oti “ndi wokoma kwambiri” uthengawo wangoima pomwepo. Mtengo palibe, kokatengera palibe, tsiku palibe. Zili ngati kuyala malonda pamsika kenako n'kufulatira ogula. Anthu amene akuika timitima aja akufuna kugula, koma munthu amene akuwerenga ali mu takisi kuchokera kuntchito sangayambe kufunsa mafunso anayi. Amati ndifunsa mawa, mawalo n'kuiwala.

Mawu anu ofotokoza mpunga sindinawasinthe kwenikweni, ndangowasanja. Chimene ndawonjezera ndi choti wowerenga achite, ndipo ndi chimodzi chokha: alembe mawu oti MPUNGA. Ndachiika pamwamba komanso pansi, chifukwa WhatsApp imadula uthenga wautali ndipo si onse amene amatsegula kuti awerenge mpaka kumapeto. Za zitenje ndi usipa ndazichotsa dala, zidzakhale ndi uthenga wakewake sabata yamawa. Mitengo ndi masiku ndi zomwe munandiuza Lamulungu lija. Mukaona kuti zili bwino, kopani kuyambira pamzere uli m'munsiwu, muike ndi chithunzi chija cha mpunga uli m'lichero.

*

MPUNGA WA KILOMBERO WATSOPANO, WOCHOKERA KU KARONGA. Mukuufuna? Ndilembereni mawu oti MPUNGA pa nambala yomwe ino pofika Lachitatu pa 1 Julaye, 8 koloko madzulo.

Abale ndi alongo a kuno ku Joni, mpunga umene mwakhala mukundifunsa uja wafika. Ndi Kilombero weniweni, wokololedwa chaka chino ku Kaporo m'boma la Karonga, kufupi ndi malire a Songwe. Amene analima ndi alamu anga. Anapuntha okha, kuuyanika, kukakonoletsa kuchigayo, ndipo ine pano ndaupetanso ndi kuusankha pamanja. Mwala simuupeza, mankhusu simuwaona. Sindinasakanize ndi Faya kapena mtundu wina uliwonse, ndipo ichi ndikuchinena motsindika chifukwa ambiri a ife tinagulapo thumba lolembedwa Kilombero, kukafika kunyumba n'kupeza kuti fungo lili pamwamba pokha.

Amene munakulira kumpoto kapena kunyanja simufunika kuuzidwa. Kwa ana athu amene abadwira kuno ndipo amangodziwa mpunga wachikasu wa m'mashopu, ndifotokoze pang'ono. Kilombero ndi wa maso aataliatali, woyera, ndipo umanunkhira wokha popanda kuthira chilichonse. Ukayamba kuwira, a chipinda choyandikana nacho amadziwa kuti kwa a Malawi kwaphikidwa mpunga lero. Ukapsa umakhala wofewa koma wosaphatikana, ndipo ngakhale uzizire suuma gwa, choncho ndi wabwino kunyamula m'kontena popita kuntchito.

Wayenda ulendo wautali mpungawu: kutsika ndi msewu wa M1 kudzera ku Mzuzu mpaka ku Lilongwe, kuoloka ku Dedza, kudutsa ku Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka kufika mu Joni. Matumba onse afika ouma, osanyowa komanso opanda anankafumbwe.

Kaphikidwe kake ndikuuzeni pano kuti musadzandidandaule. Popeza ndi watsopano, sufuna madzi ambiri. Tsukani kawiri mosatikita kwambiri. Pa kapu imodzi ya mpunga thirani kapu imodzi ndi theka ya madzi, mchere pang'ono ndi kasupuni ka mafuta. Ukawira chepetsani moto, vundikirani, ndipo musautakase ngati nsima. Madzi akauma, uphuleni n'kuusiya wovundikira kwa kanthawi kuti upse ndi nthunzi yake. Ndi nyemba umayenda, ndi nkhuku yalokolo umayenda, ndi chambo ndiye osanena. M'mawa wozizira ngati wa masiku ano, phala la mpunga lotendera nsinjiro limawatenthetsa ana asananyamuke kupita kusukulu. Wosweka wophikira phala ndili nawo pang'ono, ndipo ndi wotsika mtengo.

Mitengo ili motere:
Makilogalamu 2 ndi R95
Makilogalamu 5 ndi R220
Makilogalamu 10 ndi R420
Wosweka wa phala, makilogalamu 2, ndi R60

Ndimayeza pa sikelo inu mukuona.

Chifukwa chimene ndaikira tsiku lotsekera ndi ichi. Lolemba pa 6 Julaye ndi tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, umene tinalandira mu 1964. Kuno si tchuthi, tonse tidzakhala kuntchito, ndiye mabanja ambiri ndi mipingo adzasangalala Lamulungu pa 5. Ndikufuna aliyense amene waoda akhale atalandira mpunga wake Loweruka, kuti Lamulungulo uphikidwe. Ndabweretsa makilogalamu 300 okha, ndipo katundu wina sabwera mpaka mwezi wa Ogasiti. Woyamba kulemba ndiye woyamba kusungiridwa.

CHOTI MUCHITE NDI ICHI

Ndilembereni kumbali, osati pagulu, pa nambala yomwe yatumiza uthenga uno. Lembani mawu oti MPUNGA, makilogalamu amene mukufuna, ndi kumene mudzatengere. Mwachitsanzo:

MPUNGA 5 Park Station

Basi. Simufunika kuimba kapena kulemba zambiri. Ndikuyankhani tsiku lomwelo kukuuzani kuti thumba lanu ndalemba dzina. Ngati dzuwa lalowa ndisanayankhe, ndiye kuti uthenga sunafike, tumizaninso.

Kotengera ndi kuwiri, konse Loweruka pa 4 Julaye. Ku Rosettenville, kunyumba kwanga, kuyambira 7 koloko mpaka 10 koloko m'mawa. Malo ake enieni ndikutumizirani mukaoda. Ku Park Station, mbali ya msewu wa Rissik, kuyambira 12 koloko masana mpaka 3 koloko. A ku Diepsloot, Cosmo City ndi Tembisa, ndikudziwa kuti kukwera takisi kawiri chifukwa cha makilogalamu 2 n'kuluza. Gwirizanani anthu angapo. Oda yanu ikakwana makilogalamu 30, mwana wanga adzakubweretserani pamalo amodzi Loweruka lomwelo, thiransipoti ndi R50 gulu lonse.

Kulipira ndi polandira katundu, ndalama pamanja kapena kutumiza pa foni muli pomwepo. Dipoziti sindikufuna, kupatula oda yopitirira makilogalamu 20 yomwe ndikupempha theka. Wina akakulemberani pa nambala ina m'dzina langa kuti mutumiziretu ndalama, musatumize, ameneyo si ine. Ngongole pa ulendo uno ndikhululukireni abale, alimi kumudzi akudikira ndalama zawo.

Mukatsegula thumba pamaso panga n'kuona kuti si Kilombero amene mumamudziwa, musatenge, palibe mlandu.

Musadikire kumapeto kwa mwezi kuti mulembe, chifukwa kulemba sikulipira. Sungitsani lero, mudzalipira Loweruka polandira. Tengani foni yomwe muli nayo m'manjayi, dinani pa nambala yanga, lembani MPUNGA, makilogalamu ndi kotengera. Kutseka ndi Lachitatu pa 1 Julaye, 8 koloko madzulo.