Chikonzero cha phunziro: Kuyeza kudumpha ndi kuponya (Masamu ndi Masewera olimbitsa thupi)

Kalasi: Sitandade 4, ophunzira 84, pa sukulu yathu ya kuno ku Bembeke, m'boma la Dedza
Tsiku: Lachinayi, mwezi wa Juni, teremu yachitatu
Nthawi: mphindi 70, mapiriyodi awiri otsatana tikachoka ku buleki
Mutu: Kutalika m'mamita ndi masentimita

Zizindikiro za kakhozedwe

Ophunzira adumpha ndi miyendo yonse iwiri n'kutera bwino osadzipweteka. Aponya mpira wachikulunga dzanja likudutsa pamwamba pa phewa. Ayerekeza mtunda asanauyeze. Ayeza ndi kulemba mtunda m'mamita ndi masentimita. Asintha mamita kukhala masentimita. Apeza kusiyana kwa mitunda iwiri.

Chifukwa chake ndaphatikiza maphunziro awiriwa

Sabata yatha ndinalemba pabolodi 1 m 5 cm ndi 1 m 50 cm n'kufunsa kuti wautali ndi uti. Ana oposa theka anati n'chimodzimodzi. Onsewo amayimba bwinobwino kuti mita imodzi ndi masentimita 100, koma mita sanaigwirepo ndi manja. Mwana yemweyo mukamubera masentimita 10 pa kudumpha kwake sangakusiyeni, adzakangana nanu mpaka muyezenso. Mkangano umenewo ndi umene ndikuufuna lero.

Zipangizo

Nsungwi zisanu ndi ziwiri zowongoka, iliyonse yotalika mamita awiri, zolembedwa zizindikiro pa masentimita 10 aliwonse. Ndazilemba ndekha dzulo poyika pambali pa rula ya pabolodi, ndipo pa 0 ndi pa 100 ndamangapo kansalu kofiira. Marula a ana a masentimita 30. Phulusa la ku khitchini yophikira phala. Mipira yachikulunga isanu ndi iwiri yofanana kukula. Timitengo tozika pansi, makatoni olembapo, mapensulo, wezulo, ndi ndowa ya madzi osamba m'manja.

M'mawa ana a Sitandade 7 atithandiza kutipula ndi makasu malo asanu ndi awiri oterapo kumapeto kwa bwalo, chifukwa nthaka ya mu Juni ndi youma gwa. Atolanso minga, miyala ndi magalasi osweka, poti ambiri mwa ana anga adumpha opanda nsapato. Mbali ina ya bwalo tajambula mzere woponyerapo, kenako mizere inayi ya phulusa pa mamita 5, 10, 15 ndi 20.

Chiyambi (mphindi 8, m'kalasi)

Ndiimika nsungwi imodzi kutsogolo. "Ana inu, ndani angandionetse mita imodzi pansungwi iyi? Nanga masentimita 10 ndi kuyambira pati kufika pati?" Awiri kapena atatu abwere adzagwire. Kenako aliyense alembe m'kope mwake yankho la funso ili: "Ukadumpha uli chiimire, osathamanga, ungafike masentimita angati?" Asafufute. Ena alemba 20, ena 500. Sindikonza yankho la aliyense, bwalo ndilo likawayankha.

Ndigawa magulu asanu ndi awiri a ana 12, anyamata ndi atsikana osakaniza. M'gulu lililonse mukhale wogwira nsungwi pa ziro, wozika kamtengo, wowerenga ndi mlembi, ndipo ntchitozi azisinthana akadumpha ana atatu. Ndikapanda kunena zimenezi, anyamata akuluakulu aja amalanda nsungwi mpaka belu.

Kutenthetsa thupi (mphindi 7)

Mwezi uno kuno kumazizira mpaka zala kuuma, ndiye gawo ili lisadumphidwe. Athamange pang'onopang'ono kuzungulira bwalo kamodzi. Aime mozungulira, aponde pansi mwamphamvu monga amachitira ovina ngoma, uku akuwerenga 10, 20, 30 mpaka 100, ndipo pa 100 onse adumphe m'mwamba n'kufuula "mita imodzi!" Abwereze mpaka 200. Amalize ndi kuzunguza mapewa ndi kupinda mawondo.

Gawo loyamba: kuyeza ndi mapazi (mphindi 10)

Ndidumpha ineyo kamodzi ana onse akuona, tizike kamtengo. Ndiitana mwana wamng'ono kwambiri m'kalasi ndi wamkulu kwambiri kuti ayeze mtundawo ndi mapazi awo, chidendene kugunda chala. Wamng'ono angapeze mapazi asanu ndi atatu, wamkulu asanu ndi limodzi.

"Ndiye ndadumpha mapazi angati? Wanama ndani pa awiriwa?"

Apa ndisafulumire kuyankha. Ndiwasiye atsutsane mpaka wina anene yekha kuti palibe wanama, koma mapazi ndiwo akusiyana. Pamenepo ndifunse: "Amayi anu akatuma munthu kukagula nsalu ya yunifomu pamsika, bwanji sanena kuti mapazi khumi?" Ndiyeno titulutse nsungwi, awiri omwe aja ayezenso, aone kuti tsopano nambala yawo ndi imodzi.

Gawo lachiwiri: kudumpha (mphindi 20)

Ndionetsa kadumphidwe. Zala za kumapazi zikhale kuseri kwa mzere, miyendo yotakasuka pang'ono. Pindani mawondo, ponyani manja kumbuyo, kenako muwaponye kutsogolo pamene mukunyamuka. Potera, mapazi onse awiri agunde pansi nthawi imodzi, mawondo ali opinda, thupi likugwera kutsogolo. Wotera ndi miyendo yowongoka amadzipweteka mawondo ndi msana, choncho ndikamuona ndimuimitsa, ayesere kaye pambali.

Malamulo oyezera ndi atatu, ndipo ana awanene mokweza tisanayambe. Ziro wa nsungwi akhale pa mzere weniweni, osati kutsogolo kwake. Nsungwi igone mowongoka, isapendekere. Tiyeza kufika pa chidendene chimene chatsalira kumbuyo, osati pa chala chakutsogolo. Wogwa chagada n'kugwira pansi ndi dzanja, tiyeza pamene dzanjalo lagunda. Ndi mmene amachitira ngakhale pa mipikisano ikuluikulu. Lamulo ili limawawa, koma limaphunzitsa kutera bwino msanga kuposa mawu anga onse.

Aliyense adumpha kawiri. Kamtengo kakagwera pakati pa zizindikiro ziwiri, wowerenga atenge rula yaing'ono awerenge masentimita otsalawo. Anene mokweza, "mita imodzi ndi masentimita 24," mlembi alembe pakatoni 1 m 24 cm, wodumphayo aone zimene zalembedwa n'kuvomereza.

Ine ndiyenda gulu ndi gulu. Chimene ndikusaka ndi kudumpha kongopitirira kansalu kofiira pang'ono, monga mita imodzi ndi masentimita 5. Ndikakupeza ndiimba wezulo, magulu oyandikira abwere. Mlembi akalemba 1 m 50 cm, sindimuuza kuti walakwa. Ndimupatsa kamtengo kena: "Kazike pamene pali 1 m 50 cm." Timitengo tiwirito tikaima motalikirana, masentimita 45 ali pakati pake, aone ndi maso ake chimene bolodi inalephera kumuonetsa.

Atsikana ndinawauza dzulo kuti avale kabudula mkati mwa diresi. Amene sanathe adumphire pa malo a kumapeto, ndipo mnyamata woseka mnzake akhala pansi kudumpha kumodzi. Mtsikana wathu woyendera ndodo akhala wowerenga wamkulu wa gulu lake pa gawo ili, koma pa kuponya aponya nawo atakhala pa mpando.

Gawo lachitatu: kuponya (mphindi 12)

Magulu onse aponyera mbali imodzi. Palibe wolowa m'bwalo kukatola mpira kapena kukayeza wezulo isanalire. Woponya aime chammbali, phazi losiyana ndi dzanja loponyera lili kutsogolo, chigongono chili m'mwamba monga poponya pa fulaye, koma mpira ukwere m'malo molunjika munthu. Asanaponye anene mzere umene akuganiza kuti audutsa.

Tiyeza pamene mpira wagunda koyamba, osati pamene wagubudukira. Sitiyambira pa mzere woponyerapo, tiyambira pa mzere wa phulusa womaliza umene mpira wadutsa. Ukadutsa wa mamita 10, agoneke nsungwi kamodzi, kenako kachiwiri mpaka pakamtengo: 10 m + 2 m + 1 m 40 cm = 13 m 40 cm. Pogoneka kachiwiri wina aike chala pamene nsungwi inathera, apo ayi masentimita amatayika pamenepo.

Gawo lachinayi: masamu a pansi pa mtengo (mphindi 10)

Akhale pansi m'magulu awo ndi makope. Aliyense asinthe kudumpha kwake kuwiri kukhala masentimita okhaokha, apeze kusiyana kwake, kenako ayerekeze ndi nambala imene analemba m'kalasi muja. Chitsanzo chochitira limodzi: woyamba 97 cm, wachiwiri 1 m 12 cm.

1 m 12 cm = 112 cm
112 cm − 97 cm = 15 cm

Wovutika ndi kubwereka apite pansungwi, aike chala pa 97, awerenge 3 kufika pakansalu kofiira, awonjezere 12. Omaliza msanga aphatikize kudumpha kwabwino kwa ana atatu a m'gulu lawo n'kulemba yankho m'mamita ndi masentimita.

Sindilengeza katswiri wa kalasi. Muno muli wa zaka 9 ndi wa zaka 14, ndipo kuwapikisanitsa n'kungoyeza kutalika kwa miyendo. Tiwombera m'manja amene kudumpha kwake kwachiwiri kwaposa koyamba ndi masentimita ambiri, komanso amene kuyerekeza kwake kunayandikira zoona.

Mathero (mphindi 3)

Tigoneka nsungwi zinayi motsatana, yachisanu tiwerengepo masentimita 95. Umenewu ndi mtunda umene Mike Powell wa ku Amerika anadumpha mu 1991 mumzinda wa Tokyo, 8 m 95 cm, ngakhale iye anayamba wathamanga. Ana aime m'mbali mwake auone. Ntchito ya kunyumba: mtundawu ndi masentimita angati, ndipo ukuposa kudumpha kwako ndi masentimita angati? Asambe m'manja, atsogoleri a magulu abweretse nsungwi ndi makatoni.

Ndamanga ya phunziro

Anabwera ana 79. Nthawi inachepa: kudumpha kunatenga mphindi 27, ndiye m'gulu lililonse anaponya ndi ana asanu ndi awiri okha. Otsalawo aponya Lachiwiri, mizere ya phulusa ikadalipo.

Magulu awiri anayamba kuwerenga nsungwi kuchokera kumapeto kolakwika, mwana wodumpha 1 m 20 cm n'kumulembera 80 cm. Anazindikira ndi wodumphayo mwini wake, amene anakana kuchoka pamalopo akuti, "Aphunzitsi, ine ndadutsa kansalu kofiira." Cholakwa ndi changa, pa ziro ndiyenera kumangapo nsalu ya mtundu wina.

Ndachonga makope onse masana ano. Ana 61 asintha bwino mamita kukhala masentimita. Mwa 18 otsalawo, 11 akulembabe 1 m 5 cm ngati 15 cm kapena 150 cm. Amenewa ndikhala nawo mawa pa buleki, nsungwi iwiri ndi timitengo tili pansi, ndipo aliyense azika yekha 105 ndi 150.