Za ndalama za magetsi ndi madzi, komanso ukhondo wa pakhomo

Achimwene a Tembo,

Ndasankha kukulemberani chifukwa masiku ano sitikuonana kwenikweni, popeza mumafika usiku ine nditagona kale, ndipo nkhani ya ndalama imamveka bwino ikalembedwa.

Pamene tinkalowa m'nyumba ino ya ku Kapata tinagwirizana kuti lendi, magetsi ndi madzi tizigawana pakati. Za lendi palibe vuto. Koma mayunitsi a ZESCO a mwezi wa Epulo ndi wa Meyi ndinagula ndekha, K400 mwezi uliwonse, kotero gawo lanu pa miyezi iwiriyi ndi K400. Bilu ya madzi ya miyezi yomweyo inakwana K360, ndipo ndinailipira yonse poopa kuti angatidulire madzi, chifukwa akadula pamakhalanso ndalama ina yolumikizitsira. Gawo lanu pamenepa ndi K180. Zonse pamodzi ndi K580. Malisiti ndawaika mu envulopu pamwamba pa firiji kuti muwaone nokha, ndipo ngati pali ndalama imene munapereka koma sinawerengedwe, mundiuze tikonze.

Ndikupempha kuti ndalamayi ibwezedwe pofika pa 30 Juni, pamanja kapena pa Airtel Money. Ngati malipiro achedwa kapena mwapanikizika ndi za kumudzi, mukhoza kupereka kawiri, K290 mwezi uno ndi K290 kumapeto kwa Julayi, bola mundiuze tsiku lenileni, pakuti nanenso ndimawerengera ndalama yomweyi pogula ufa ndi ndiwo.

Nkhani ina ndi ya ukhondo wa malo amene tonse timagwiritsa ntchito. M'chipinda mwanu sindilowererapo. Kukhitchini, mapoto ndi mbale zimakhala musinki masiku awiri kapena atatu zisanatsukidwe, ndipo poto wa nsima akauma amavuta kukwecha, kotero wofuna kuphika m'mawa amayamba watsuka ziwiya za dzulo asanateleke madzi. Zakudya zotsala zikumagona zosavundikira, ndipo mphemvu zayamba kuoneka kuseri kwa kabati. Ichi ndicho chikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa zikachuluka tidzafunika kugula mankhwala, ndiponso eni nyumba akadzabwera kudzaona nyumba adzatifunsa tonse awiri. Zovala zonyowa zimatsalanso kubafa, ndipo ndowa ya zinyalala imasefukira isanatayidwe kudzenje.

Maganizo anga ndi akuti aliyense azitsuka ziwiya zake tsiku lomwelo asanagone, ndipo kusesa, kukolopa, kutsuka bafa ndi kutaya zinyalala tizisinthana sabata ndi sabata, ine ndiyambe Lolemba likubwerali. Kunena za magetsi ndi madzi, tingamasonkhe ndalamazo tsiku lomwe timapereka lendi, kuti wina asamalipirire mnzake.

Loweruka masana ndidzakhala pakhomo kuyambira 2 koloko. Ngati nthawiyi siyikukuyenerani, kapena muli ndi njira ina imene mukuona kuti ingatithandize, mundiyankhe pofika Lachisanu kuti tipeze tsiku lina lokambirana.

Ndine mnzanu wokhala naye,
Phiri