MAYI WOYEMBEKEZERA: UKAONA IZI, THAMANGIRA KUCHIPATALA

Amayi, muli pabenchi kudikira sikelo. Werengani izi musanalowe. Ngati mnzanu amene mwakhala naye satha kuwerenga, muwerengereni mokweza. Abambo amene mwaperekeza akunyumba kwanu, uthengawu ndi wanunso.

Mukaona chizindikiro chimodzi chokha mwa izi, nyamukani. Usiku kapena masana. Lamlungu kapena tsiku la msika. Musadikire deti limene talemba m'buku mwanu. Kuchipinda chochirira sititseka.

Ngati vutolo muli nalo panopa, musakhale pamzere. Imirirani, uzani anamwino.

KUTAYA MAGAZI

Mayi wapakati sasamba. Magazi akatuluka kunjira ya abambo, ochepa kapena ambiri, pali vuto.

Mimba ikakhala yaing'ono, akhoza kukhala padera. Nthawi zina mimba imakhala kunja kwa chiberekero, m'kanjira kodutsa dzira. Kanjirako kakaphulika, magazi amatayikira mkati, osaoneka. Mayi amamva kupweteka mbali imodzi ya chinena, chizungulire, thukuta lozizira.

Mimba ikakula, nsengwa ikhoza kukhala itatseka khomo la chiberekero. Magazi ake amabwera osamva kupweteka kulikonse, ndipo ambiri amanyengeka nazo. Amati, "Asiya okha, ndiona mawa." Akhoza kusiyadi lero, n'kubwera ochuluka usiku. Nthawi zina nsengwa imamatuka mwana asanabadwe. Apo mimba imalimba gwa ndi kupweteka kwambiri.

Chitani izi: valani kansalu koyera. Musalowetse chala, mankhwala kapena chilichonse. Musagone ndi abambo. Nsalu zimene zanyowa musachape, zikulungeni mubwere nazo, tione magazi amene mwataya. Musayende wapansi ngati pali chokwera.

MUTU WAUKULU, CHIDIMA M'MASO, KUTUPA

Apa tikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene amayi ambiri amachedwera.

Mutu ukupweteka kwambiri, mwamwa panado koma sukusiya. M'maso mukuona chimbuuzi kapena tinyenyezi. Nkhope yatupa pamene mukudzuka m'mawa. Zala zatupa, mphete yakana kuvuka. Pachifu, pansi pa nthiti, pakupweteka.

Izi zimasonyeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, bipi yakwera. Vutoli limayamba mimba ikapitirira miyezi 5. Limakonda amayi a mimba yoyamba, a mimba ya mapasa, atsikana aang'ono, amayi opitirira zaka 35, ndi amene anali kale ndi bipi. Koma likhoza kugwira aliyense.

Kumudzi mudzamva kuti, "Kutupako ndi mapasa," kapena "Ndi mwana wamwamuna ameneyo." Ayi. Mapazi kutupa pang'ono madzulo, mutaima tsiku lonse m'munda wa tiyi, zimachitika, ndipo amaphwa mukagona. Koma nkhope ndi manja kutupa ndi nkhani ina.

Bipi imatha kukwera inu osamva kanthu. N'chifukwa chake timakumangani chokuyezerani pamkono ulendo uliwonse. Ikafika 140/90 kapena kuposa, tiyeza mkodzo ndipo tikuuzani chochita. Funsani nambala yanu lero. Ndi ufulu wanu kuidziwa.

KUKOMOKA KAPENA KUPHUPHA NGATI WAKHUNYU

Mawu awa ndi a amene mumakhala ndi mayiyo: abambo, apongozi, achemwali, anansi.

Mayi wapakati akagwa n'kumaphupha, sanalodzedwe. Si mizimu. Nthawi zambiri ndi bipi ija yafika poipa, kapena malungo aakulu.

Mugonekeni chammbali, kumanzere. Chotsani mbaula, moto ndi miphika pafupi. Musamuike supuni kapena chala mkamwa. Musamumwetse madzi kapena mankhwala. Wina athamangire galimoto nthawi yomweyo. Akatsitsimuka, musanene kuti zatha. Kumabweranso. Kuchipatala kuli jakisoni woletsa kuphuphako. Kwa asing'anga kulibe. Pempherani muli m'njira.

KUTENTHA THUPI

Thupi latentha, mukunjenjemera, mfundo zikuphwanya, mukulephera kudzuka. Bwerani lero lomwe tidzayeze malungo. Zotsatira zimatuluka mukadali pompano.

Malungo amachepetsa magazi a mayi. Amachititsa padera, kapena mwana kubadwa wochepa thupi. Musagule mankhwala a malungo paokala. Mankhwala oyenera mayi wapakati akupatseni ndi achipatala, atakuyezani.

Kutentha thupi pamodzi ndi kuwotcha pokodza kapena kupweteka m'mbali mwa msana ndi matenda a njira ya mkodzo. Nawonso amayambitsa matenda a kuchira nthawi isanakwane.

Fansida amene timakupatsani kuno kusikelo amweni pamaso pathu. Neti imene mwalandira ndi yogonamo inu, usiku uliwonse. Si yotchingira mbewu kudimba.

MWANA WASIYA KUSEWERA

Kuyambira cha m'mwezi wachisanu, mumamva mwana akugunda. Mayi aliyense amadziwa kasewero ka mwana wake. Wina amavuta usiku, wina mukangodya nsima.

Akachepetsa kusewera, kapena akangoti zii, bwerani tsiku lomwelo. Musati wagona. Musagone naye usiku wina kuti muone mawa. Tidzamvetsera mtima wake. Mukabwera n'kupeza kuti ali bwino, palibe amene akukalipireni.

NSUPA YASWEKA

Madzi atuluka koma matenda sanayambe. Kaya ndi ambiri, kaya akungodontha pang'onopang'ono, bwerani. Nsupa ikasweka, tizilombo timapeza njira yofikira mwana. Onani mtundu wa madziwo, mudzatiuze. Obiriwira kapena onunkha akusonyeza kuti mwana ali pamavuto.

Mchombo kapena kadzanja kakatsogola, musabwezere mkati, musakoke. Mchombo ukatuluka, mayi agwade, chifuwa pansi, matako m'mwamba, kufikira chokwera chitafika.

KUCHEPA MAGAZI

Tambasulani dzanja lanu. Onani chikhatho. Mnzanu akuoneni mkati mwa chikope. Ngati mwayera mbuu, magazi achepa. Mtima umagunda kwambiri. Mumachita befu pokwera kamtunda kochokera kumjigo, kamene kale munkakwera mutasenza ndowa.

Mayi wochepa magazi sapirira ngakhale atataya ochepa pochira. Mapilitsi owonjezera magazi imwani tsiku lililonse. Amadetsa chimbudzi, musadabwe nazo. Kuno kwathu tiyi ndi wa m'nyumba iliyonse, koma musamwere tiyi mapilitsiwa, chifukwa amalepheretsa mphamvu yake kulowa m'thupi. Imwerani madzi. Idyani bonongwe, nkhwani, chisoso, nandolo, nyemba, usipa ndi mazira. Inde, mazira. Sachititsa mwana kubadwa wopanda tsitsi.

Mukamapuma movutikira mutangokhala pansi, musadikire mapilitsi. Thamangirani kuno.

ZINANSO ZOBWERA NAZO MSANGA

Kusanza kosalekeza, ngakhale madzi osakhazikika m'mimba.
M'mimba kupweteka kwambiri, kosaleka.
Ukazi wonunkha, kuyabwa kapena zilonda kumaliseche. Apa bwerani ndi abambo, mulandire mankhwala nonse awiri.
Mwagwa, kapena wina wakumenyani pamimba. Tiuzeni m'chipinda, tidzasunga chinsinsi.
Matenda ayamba miyezi 9 isanakwane.

MATENDA AKATALIKA

Matenda akayamba, malo anu ndi kuchipatala. Dzuwa lisatuluke n'kulowa mayi akuvutika kunyumba. Kupitirira maola 12 mwana osabadwa ndi ngozi.

Mwana akakanika, si chifukwa chakuti abambo anayenda kunja, kapena kuti mayi ali ndi choulula. Musamuzungulire ndi mafunso. Nthawi zambiri mutu wa mwana wakulira njira, kapena mwana wagona chopingasa. Mutu ukapanikiza nthawi yaitali, umaboola chikhodzodzo, ndipo mayi amatsala akungotaya mkodzo osaugwira. Ndiwo matenda a fisitula. Chiberekero nachonso chikhoza kung'ambika.

Mwanamphepo ndi mankhwala ena ofulumizitsa matenda musamwe. Amakankha chiberekero mopyola muyeso. Ngati mwamwa kale, tiuzeni zoona, tidziwe pokuthandizirani.

KONZANI ULENDO LERO

Tonse tikudziwa misewu yathu. Mvula ikagwa m'phiri la Mulanje, Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila amadzaza mwadzidzidzi. Tinaona m'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu. Mwana sadikira kuti madzi aphwe.

Ngati mumakhala kutsidya kwa mtsinje, m'tsinde mwa phiri kapena mkati mwa esiteti, bwerani kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba. Bwerani ndi wokudikirirani, ufa ndi nkhuni.

Amayi awa akachirire kuchipatala chachikulu, kumene kuli opaleshoni ndi magazi: amene anachitidwapo opaleshoni, a mimba ya mapasa, amene mwana sanatembenuke, a bipi, amene anatayapo magazi ambiri pochira. Tikakulemberani kalata yopita kuchipatala cha boma ku Mulanje, pitani. Musaipinde n'kuisunga m'chikwama.

Abambo, ntchito yanu nayi. Sungani nambala za akabaza awiri, wina akhoza kuzimitsa foni. Dziwani amene ali ndi galimoto m'mudzi mwanu, mulankhule naye lero. Patulani ndalama ya ulendo mukalandira malipiro kapena mukagulitsa nanazi ku Chitakale. Foni izikhala ndi moto usiku. Ndipo nenani pamaso pa abale kuti, "Zikavuta ine kulibe, musandidikire, pitani nawo." Mayi amene akutaya magazi asadikire chilolezo cha amuna ake, amalume kapena apongozi.

Chikwama chikhale chomanga pofika miyezi 8. Muikemo buku lanu lachipatala, zitenje zochapa bwino, pepala lapulasitiki, beseni, sopo, kachipewa ndi masokosi a mwana, tochi, ndi mankhwala amene mumamwa masiku onse. Amene muli pa ma ARV musawasiye kunyumba, ndipo musadumphitse tsiku.

MUKACHIRA, NGOZI SINATHE

M'milungu 6 yoyamba, bwerani msanga ngati magazi akunyowetsa nsalu ziwiri kapena zitatu m'kanthawi kochepa, ngati thupi latentha, ngati zotuluka zikununkha, ngati mutu waukulu wabwerera, kapena mwendo umodzi watupa ndi kupweteka. Bipi ija imathanso kugwetsa mayi amene wachira kale.

Mwana naye: akakana bere, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga, akaphupha, akaoneka wachikasu m'maso, kapena pamchombo pakafiira n'kutuluka mafinya, bwerani naye tsiku lomwelo. Pamchombo musapakepo phulusa kapena mankhwala achikuda.

SIKELO

Yambani sikelo mukangodumpha kusamba, miyezi 3 isanathe. Musadikire kuti mimba ionekere. Sitiuza munthu. Mimba yonse tionane maulendo 8. Uzaninso mnzanu amene akubisabe yake m'chitenje.

Muli ndi funso muli kunyumba? Funsani alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu, kapena imbani Chipatala Cha Pa Foni. Pa Airtel ndi ulere. Koma ngati mukutaya magazi, mwakomoka kapena mwana wasiya kusewera, imbani muli kale m'njira.

Mukafika pachipata, nenani mawu awa: "Ndili ndi pakati, ndili ndi chizindikiro choopsa." Alonda akulozerani kwa anamwino.