Mbiri ya ntchito ndi maphunziro: Madalitso Kamtambo, makaniko wa injini za dizilo

Dzina: Madalitso Kamtambo
Chaka chobadwa: 1991
Kwathu: Mfumu Yaikulu Kasumbu, boma la Dedza
Komwe ndikukhala: Dedza boma, kufupi ndi depoti ya basi
Zilankhulo: Chichewa ndi Chingerezi. Mabuku a makina ndimawerenga ndekha, malipoti a ntchito ndimalembanso ndekha.
Laisensi yoyendetsera galimoto: C1
Foni ndi keyala: zili pa kalata yofunsira ntchito yomwe ndatumiza pamodzi ndi pepalali

NTCHITO YOMWE NDIKUFUNSIRA

Wokonza ndi kusamala makina pa fakitale yanu yoyenga mafuta ophikira a soya ndi mpendadzuwa ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe.

Ndakhala m'galaja kuyambira 2014, makamaka pa malole, mathirakitala ndi majenereta. Zomwe zimaimitsa makina a m'fakitale ndi zomwe ndimagwira tsiku ndi tsiku: beringi, shafiti, malamba, matcheni, giyabokosi, mapampu, haidiroliki ndi mpweya wa kompuresa. Kusiyana kwake n'kwakuti m'galaja galimoto imabwera itafa kale, pomwe m'fakitale makina amayenera kugwiridwa asanafe. Mbali yachiwiriyi ndayigwira kuyambira 2019 pa majenereta ndi zigayo zomwe galaja yathu imasamala pa mgwirizano.

NTCHITO ZOMWE NDAGWIRA

2018 mpaka pano: makaniko wamkulu, galaja ya malole ndi mathirakitala m'mbali mwa msewu wa M1 pa Dedza boma

Ndimayang'anira amakaniko atatu ndi ana a sukulu awiri obwera kudzaphunzira ntchito. Ndimagawa ntchito m'mawa, kulemba khadi la galimoto iliyonse, kuitanitsa masipeya ku Lilongwe, ndipo galimoto situluka ndisanaiyese ndekha pamsewu.

*Injini za dizilo.* Kuphwasula ndi kumanganso injini za Mitsubishi Canter, Fuso Fighter, Isuzu, Toyota Dyna ndi mathirakitala a Massey Ferguson. Ndisanagule sipeya ndimayamba ndayeza: kirankishafiti ndi maikiromita, mpata wa maring'i ndi wa mavalavu ndi filageji, hedi ndi chitsulo chowongoka kuti ndione ngati yapindika. Mabawuti a hedi ndimamanga ndi sipanala yoyeza mphamvu, kuyambira pakati kupita kunja, m'magawo monga likunenera buku la injiniyo. Kumanga mwa diso n'komwe kumawotchetsa gasiketi yatsopano pakangopita milungu yochepa.

*Mabuleki, kilachi ndi giyabokosi.* Malole ambiri omwe timakonza amanyamula kachewere ndi kabichi kuchokera ku Bembeke ndi Lizulu, ena amatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti atadzaza. Chifukwa cha zimenezi mabuleki a mpweya ndawagwira kwambiri: kusintha mashu, kukonza kompuresa yochedwa kudzaza thanki, kusaka potuluka mpweya ndi madzi a sopo, ndi kukhetsa madzi m'mathanki.

*Majenereta, kuyambira 2019.* Ndimasamala majenereta asanu ndi limodzi a 30 mpaka 150 kVA a m'malo ogona alendo, zigayo ndi pamalo ochekera matabwa. Pa maola 250 alionse ndimasintha oyilo wa 15W-40, fyuluta ya oyilo ndi ya dizilo, kuona fyuluta ya mpweya, lamba wa fani, madzi a m'radiyeta ndi batire. Injini ndimaitchera kuti izizungulira ka 1,500 pa mphindi kuti magetsi atuluke pa 50 Hz. Jenereta ikakana kulira magetsi atazima, kawirikawiri vuto silikhala lalikulu: batire yomwe tchaja yake inafa osadziwika, mpweya m'mapaipi a dizilo, kapena madzi m'dizilo wosungidwa m'migolo. N'chifukwa chake iliyonse ndinaiikira buku la maola, ndi lamulo loti izilizidwa mlungu ndi mlungu itanyamula katundu. Jenereta yomwe imangolira yopanda katundu nthawi yaitali imayamba kutulutsa mafuta akuda ku ekizozi.

*Zigayo.* Zigayo zinayi za m'dera la Linthipe ndi Chimbiya: kusintha mahamala, masefa, mabering'i ndi malamba. Mahamala ndimasintha onse pamodzi, kapena awiriawiri oyang'anizana olemera mofanana. Kusintha limodzi lokha kumanjenjemeretsa chigayo, ndipo beringi imatha mwezi usanathe.

2014 mpaka 2018: makaniko, galaja ya maminibasi ndi magalimoto ang'onoang'ono pa Ntcheu boma

Sevisi ya Toyota Hiace, Probox ndi Sienta, kukonza sasipenshoni ndi chiwongolero, masitata ndi maalitaneta, ndi kukonzekeretsa magalimoto opita kokayezetsa COF. Kuwotcherera ndinakuzolowera kumeneku.

ZOMWE NDIDZAGWIRE M'FAKITALE KUYAMBIRA TSIKU LOYAMBA

*Mabering'i.* Ndimawerenga nambala zake, monga 6205, 6308 ndi 22212, ndi zilembo zotsatira ngati 2RS, ZZ ndi C3. Kuchotsa ndimagwiritsa ntchito pula. Poika yatsopano pa shafiti ndimaitenthetsa kufika madigiri pafupifupi 110, osapitirira 120, ndipo ikakhala yaing'ono yongokhomera, ndimakankha mkombero wamkati wokha. Ya 2RS kapena ZZ sinditenthetsa kufika pamenepo chifukwa ili ndi girizi wake mkati. Girizi m'nyumba ya beringi ndimaika gawo limodzi mwa magawo atatu mpaka theka. Ambiri amaganiza kuti girizi wochuluka ndi chisamaliro, komatu ameneyo amatenthetsa beringi n'kuphulitsa silo. Beringi ikafa, ndimaitsuka n'kuiona kaye ndisanaitaye: mizere ya dzimbiri ikunena za madzi, kubiriwira kukunena za kutentha, kudyeka mbali imodzi kukunena kuti shafiti sinalunjike. Popanda kupeza chomwe chaipha, yatsopano idzafanso chimodzimodzi.

*Malamba, mapule ndi matcheni.* Mapule awiri ndimawalunjikitsa ndi chitsulo chowongoka kapena chingwe. Lamba ndimamukoka kuti pomudina pakati alowe mamilimita 16 pa mita iliyonse ya mtunda wa pakati pa mapule, pa mphamvu yomwe wopanga lambayo ananena, ndipo ndimabwerera kukamuonanso atagwira tsiku limodzi chifukwa watsopano amatamuka. Pomwe pali malamba atatu kapena anayi ndimasintha onse. Pule ikadyeka mpaka lamba kukhudza pansi pa ngalande, kukoka sikuthandizanso. Imafunika pule ina. Tcheni chatsopano sindiika pa sipuloketi ya mano opindika.

*Giyabokosi ndi kapuling'i.* Kuona mlingo wa oyilo, kutsuka kabowo kopumira, kuyang'ana tizitsulo pa pulagi ya maginito, kusintha masilo ndi kutchera mpata wa magiya ndi mashimu. Oyilo wa 80W-90 wa galimoto ndi ISO VG 220 wa magiyabokosi a m'fakitale sindiwasakaniza. Ndimatsata zolembedwa pa chitsulo cha makinawo. Mota ndi giyabokosi ndimazilunjikitsa ndi dayogeji, nditaona kaye kuti miyendo yonse inayi ya mota yakhala pansi mofanana.

*Haidiroliki.* Ndakonza ya matipa ndi mathirakitala: kusintha masilo a silinda, mapaipi, mapampu, ndi kuyeza mphamvu ndi geji ndisanakhudze valavu yochepetsera mphamvu. Pampu ikamalira ngati ikugaya miyala, ndimayamba ndaona sefa ndi paipi yokokera oyilo, chifukwa nthawi zambiri imakhala ikumwa mpweya kapena ikusowa oyilo. Oyilo wooneka ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi. Za mafokolifiti anu a dizilo, injini, mabuleki ndi masilinda ake ndi ntchito yomweyi. Tcheni chonyamulira chikatalika ndi magawo atatu pa 100 alionse chimayenera kusinthidwa.

*Kompuresa.* Kukhetsa madzi m'thanki tsiku lililonse, kusintha oyilo ndi fyuluta, kukonza mavalavu a kompuresa ya mapisitoni, kuyesa valavu yotetezera, ndi kusaka potayika mpweya nthawi yomwe makina ena ali duu.

*Kuwotcherera ndi za pa benchi.* Ndodo za 6013 pa zotchingira makina, mafelemu ndi malata, za 7018 pa zitsulo zonyamula katundu wolemera. Kudula ndi gasi. Kuboola, kudula mazinga ndi kuchotsa bawuti yothyokera mkati.

*Magetsi.* Ndimagwira a 12V ndi 24V: mabatire, masitata, maalitaneta ndi mawaya a jenereta, pogwiritsa ntchito matimita. Mota ya 400V ndimaichotsa, kusintha mabering'i ake ndi kuibwezera pamalo, koma kumasula ndi kulumikiza mawaya ake, ndi zonse za m'bokosi la magetsi, ndi ntchito ya amisiri a magetsi. Boyila nayo ndidzaigwira pansi pa amene ali ndi chilolezo chake.

CHITETEZO PA NTCHITO

Ndisanalowetse dzanja m'makina ndimazimitsa pa switchi yaikulu, kukhoma loko wanga, kuika kiyi m'thumba, kupachika chikwangwani chokhala ndi dzina langa, kenako kudina batani loyatsira kuti nditsimikize kuti afadi. Mpweya ndi haidiroliki ndimaziphwetsa kaye. Sindilowa pansi pa chinthu chomwe changokhala pa jeke. Chotchingira lamba chimabwerera pamalo pake makina asanayatsidwe, ngakhale a pulodakishoni atakhala akudikira. Pa fakitale yopanga chakudya ndikudziwa kuti girizi wa pamalo oyandikira mafuta amakhala wake wapadera, kuti masipanala ndi mabawuti amawerengedwa ntchito ikatha, ndi kuti pomwe pali fumbi la mbewu kapena mankhwala oyengera osachedwa kuyaka sawotchererapo popanda chilolezo cholembedwa.

MAPHUNZIRO

- 2017: Trade Test, giredi 1, umakaniko wa magalimoto
- 2014: Trade Test, giredi 2
- 2012 mpaka 2014: umakaniko wa magalimoto, Lilongwe Technical College, kudzera ku TEVETA; giredi 3 ndinalemba mu 2013
- 2010: MSCE, sukulu ya sekondale ya Umbwi, Dedza, ndi makirediti pa masamu ndi sayansi
- 2021: maphunziro a masiku atatu a chithandizo choyamba ndi kuzimitsa moto

Pa kompyuta ndimalemba ndandanda ya sevisi ndi ya masipeya mu Excel, ndipo ndimawerenga zolakwika za injini ndi makina a OBD.

ZA KUYAMBA NTCHITO

Mashifiti a usiku, Loweruka ndi Lamulungu ndidzagwira. Malo okhala ku Lilongwe ndili nawo kale kwa achibale ku Area 25, pafupi ndi Kanengo. Komwe ndili pano ndiyenera kupereka notisi ya mwezi umodzi. Bokosi la zipangizo ndili nalo langa: masoketi a 8 mpaka 32 mm, sipanala yoyeza mphamvu, pula ya miyendo itatu, veniya, filageji ndi matimita.

OMWE ANGANDICHITIRE UMBONI

1. Eni galaja yomwe ndikugwirako ntchito pa Dedza boma, omwe akudziwa kuti ndikufunsira ntchitoyi
2. Eni malo ochekera matabwa omwe ndimawasamalira jenereta ya 150 kVA
3. Kapitawo wa galaja ya pa Ntcheu boma yomwe ndinagwirako kuyambira 2014 mpaka 2018

Makalata a atatu onsewa, okhala ndi maina ndi manambala awo a foni, ndawaphatikiza pamodzi ndi makope a masatifiketi ndi laisensi.