Pempho la ndakatulo ya tsiku lobadwa

Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kunyumbako.

Ndine uja ndinakupezani panja mutamaliza kulakatula pa chinkhoswe cha ku Bangwe mwezi watha. Ndabwera ndi pempho: mundilembere ndakatulo ya tsiku lobadwa la munthu wina, dzina lawo ndi a Chisomo. Tsikulo ndi Loweruka pa 18 Okutobala, patangodutsa masiku atatu kuchokera pa tsiku la anakubala, ndiye ndikudziwa kuti ntchito idzakhala itakuchulukirani. N'chifukwa chake ndafulumira kupempha.

Zaka zawo musandifunse, chonde, ndipo ndakatuloyo isatchule nambala iliyonse. Zakuti iwo ndi ndani kwa ine, nazonso ndasunga. Ndikufuna kuti aliyense amene adzakhale pamenepo adzamve ngati mawuwo ndi ake. Kuti ikhale yoseketsa kapena yogwetsa misozi, ndasiyira inu. Mukamva za munthuyu mudzaona nokha.

A Chisomo ndi telala, amasokera pakhonde la sitolo ina ku Limbe, pa makina opalasa ndi phazi. Kwawo ndi ku Mulanje, kufupi ndi minda ya tiyi, ndipo sangacheze nanu nthawi yaitali osatchula phiri lakwawo. Kukazizira ndi chiperoni amati kwawo kwawatumizira moni. Chovala chokhota msoko sachipereka kwa mwini wake. Amachisula chonse n'kuyambanso, ngakhale mwiniyo atayima pomwepo akunena kuti chili bwinobwino. Ena amawanena kuti amachedwetsa zovala, koma ine ndimawalemekeza chifukwa cha khalidwe lomwelo.

Chimene ndikufunitsitsa kuti chisasowemo ndi ichi. Namondwe wa Freddy ataononga mu Malichi 2023, anasiya kaye zovala za makasitomala n'kumasoka madiresi ndi makabudula a ana amene ankakhala m'misasa, ndi nsalu zotsala zomwe anasonkhanitsa kwa atelala anzawo. Sanalandire ngakhale tambala, ndipo nkhaniyi sayikamba. Muyikhudze mofatsa, asadzachite manyazi pagulu.

Amakonda nsima ya nandolo ndi tiyi wopanda mkaka, ndipo posoka amayimba nyimbo za kwaya chapansipansi.

Ikhale m'Chichewa chokhachokha, ndime zinayi kapena zisanu, yoti ndidzathe kuwerenga ndekha mu mphindi ziwiri. Mizere isatalike kwambiri, chifukwa tidzakhala panja ndipo sipadzakhala chimkuzamawu.

Mtengo wake mundiuze. Ndikhoza kutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, theka pano, theka lina ndikalandira. Ngati n'kotheka indipeze pofika pa 11, kuti ndikhale ndi sabata yoyeserera. Mundiyankhe pa nambala yomweyi, chifukwa iwowo sakudziwa kanthu.

Zikomo kwambiri, aphunzitsi.

Ine,
Nabanda